Kalata Yopempha Banki Kusintha Kabwezedwe ka Ngongole

Mu Epulo 2020, pamene kampani ya Mopani inalengeza kuti ikuimitsa kaye ntchito m'migodi yake ya ku Kitwe ndi ku Mufulira, mabanja odalira migodi, kuphatikizapo a m'komboni ya Kwacha ku Kitweko, anaona kuti malipiro angathe kutsika mwadzidzidzi pomwe ngongole ya ku banki ili chikhalire. Wokongola amene zoterezi zamugwera angathe kulembera banki kalata yopempha kusintha kabwezedwe, kutanthauza kuchepetsa ndalama zobweza pamwezi ndi kutalikitsa nthawi yobwezera. Kalatayi iyenera kufika tsiku lolipira lisanakwane, chifukwa mwezi ukangodumphidwa mbiri ya kulepherako imapita ku bungwe losunga mbiri ya okongola, komwe mabanki ena amafufuza asanakongoze munthu.

Kalata imalembedwa kwa mkulu wa nthambi imene inapereka ngongoleyo, ndipo imayamba ndi tsiku, dzina la wokongola, nambala ya chitupa chake ndi nambala ya ngongole. Kenaka imafotokoza mwachidule chimene chachitika ndi tsiku limene chinachitika, ndipo umboni, monga kalata yochokera kuntchito ndi mapepala a malipiro akale ndi atsopano, umaphatikizidwa pamodzi. Popeza makalata a ku banki ku Zambia kawirikawiri amalembedwa m'Chingerezi, wokongola angapemphe wina kuti amulembere, koma asasaine asanamuwerengere zonse.

Mbali yofunika kwambiri ndi pempho lenilenilo, pakuti kalata yongodandaula siipatsa banki choti ivomereze. Mwachitsanzo, munthu amene ankalandira K7,000 pamwezi, koma tsopano akulandira K4,000, watsala ndi ngongole ya K24,000 imene ankayenera kubweza K2,300 pamwezi kwa miyezi 12. Akalipira K2,300, amatsala ndi K1,700 yokha ya lendi, ufa, magetsi ndi ana a sukulu, choncho amalemba kuti angathe kubweza K1,300 pamwezi kwa miyezi 24, kuyambira mwezi wakutiwakuti. Ndalama yotchulidwayo ikhale yoona, chifukwa amene walonjeza zambiri pofuna kusangalatsa banki n'kulepheranso, savutikiridwanso kachiwiri.

Kusinthaku kuli ndi mtengo wake, umene ndi chiwongoladzanja, ndiko kuti ndalama yapamwamba imene banki imalipiritsa pa mwezi uliwonse umene ngongole ikadalipo. Pa dongosolo lakale munthu uja akanabweza K27,600 yonse pamodzi, pomwe pa latsopano adzabweza K31,200, kusiyana kwake K3,600. N'chifukwa chake kalata ipemphenso banki kuti ionetse polemba chiwerengero chonse chatsopano ndi ndalama ina iliyonse yolipirira kusinthako.

Wokongola apange makope awiri, ndipo lina alidinditse chidindo cha banki n'kulisunga. Banki ili ndi ufulu wokana, ndipo pangano lakale limagwirabe ntchito kufikira pamene latsopano lasainidwa, kotero pa nthawi yodikira yankho wokongola apitirize kulipira zimene angathe ndi kusunga malisiti onse.