Boti kapena pampu: kuwerengera ndalama zamawa pa mtengo wa lero

Chaka ndi chaka, mpunga ukagulitsidwa kapena banki mkhonde ikagawana, mumabwera ndi makope anu kuti ndikuonereni mapulani a bizinesi. Ena mumachokera ku Kachulu, ena ku sikimu ya Likangala, ena ku Jali. Makopewo ndi osiyana chikuto chokha, chifukwa cholakwika ndi chimodzimodzi. Mumalemba phindu la chaka choyamba, lachiwiri, lachitatu ndi lachinayi, n'kuphatikiza zonse pamodzi, n'kudula mzere pansi pake. Bizinesi imene yatulutsa nambala yaikulu ndiyo mumati yapambana. Ndafotokoza izi pansi pa mitengo ya mango mpaka mawu kusasa, ndiye pano ndazilemba kuti mukhale nazo m'nyumba.

Ndalama ya chaka chamawa siilingana ndi ya lero

Chodabwitsa n'choti zimenezi mumazidziwa kale. Mayi, mnzanu akakongola K10,000 ku gulu, kodi mwezi ukatha amabweza K10,000 yomweyo? Bambo, wavenda akatenga matemba anu n'kunena kuti adzalipira zaka zinayi zikubwerazo pa mtengo wa lero, mungamupatse thumbalo? Simungayerekeze. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nanga bwanji mukagwira cholembera nzeru imeneyi imathawa, n'kuyamba kuphatikiza kwacha ya lero ndi kwacha ya zaka zinayi ngati ndi mpunga wa m'munda umodzi?

Ndalama imene ili m'manja lero itha kubereka, kapena kubweza ngongole imene ikukudyani. Imene idzabwere mochedwa yataya mwayi umenewo. Choncho musanaphatikize, ndalama iliyonse yam'tsogolo iyenera kuchepetsedwa kaye kuti ifanane ndi ya lero. Choichepetsera chake ndi chiwongoladzanja.

Tiyerekeze kuti mumakongola pa 25 peresenti pa chaka. K80 ya lero, pakutha chaka imakhala K100. Ndiye kuti K100 ya chaka chamawa mtengo wake lero ndi K80 basi. Ya chaka chachiwiri ichepetseni kawiri, itsala K64. Ya chaka chachitatu ndi K51, ya chachinayi K41. Taonani: ndalama ya chaka chachinayi yatsala yosafika ndi theka lomwe, koma m'makope mwanu ndiyo imene mumailemba ndi manambala akuluakulu. Lembani zochulukitsira izi mkati mwa chikuto: 0.8, 0.64, 0.512 ndi 0.41. Chilichonse chimapezeka pogawa cham'mbuyo mwake ndi 1.25.

Banja lokhala ndi K2,000,000

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera, inu mudzaike anu. Banja lili ndi mwayi wopeza K2,000,000. Bambo akufuna boti lamatabwa ndi maukonde. Mayi akufuna pampu ya sola ndi mapaipi kuti azithirira dimba m'chilimwe. Zonse ziwiri mtengo wake ndi womwewo, ndipo ndalama sizingakwane zonse.

Boti limayamba ndi mphamvu. Mukachotsa gawo la anyamata ogwira ntchito, laisensi, zokonzera ndi miyezi imene nyanja imatsekedwa, tinene kuti litsaza K1,300,000 chaka choyamba, K1,000,000 chachiwiri ndi K700,000 chachitatu. Maukonde akutha, matabwa akufuna phula. Chaka chachinayi litsaza K300,000, kuphatikizapo zimene mungapeze poligulitsa. Pamodzi ndi K3,300,000.

Pampu imayamba mwaulesi. Chaka choyamba mukusalaza munda, kukumba ngalande ndi kuphunzira, ndiye mupeza K500,000 yokha. Kenako K800,000, kenako K1,100,000, ndipo chaka chachinayi, munda utakula ndiponso ogula atakuzolowerani, K1,400,000. Pamodzi ndi K3,800,000.

Apa ndi pamene mumatseka kope n'kunena kuti pampu yapambana ndi K500,000. Tsegulaninso.

Boti: K1,300,000 kuchulukitsa ndi 0.8 ndi K1,040,000. Ya chaka chachiwiri isanduka K640,000, ya chachitatu K358,000, ya chachinayi K123,000. Tsopano mutha kuphatikiza, chifukwa zonse zili pa mtengo wa lero: K2,161,000. Chotsanipo K2,000,000 yogulira ija, imene siichepetsedwa chifukwa ikutuluka lero lomwe. Kwatsala K161,000.

Pampu: K400,000, K512,000, K563,000 ndi K574,000. Pamodzi K2,049,000. Kuchotsa yogulira, kwatsala K49,000.

K500,000 imene pampu inkaposa nayo ija yasungunuka, ndipo boti ndilo lili patsogolo ndi K112,000. Chotsala chimenechi ndicho chimalembedwa NPV pa mafomu a ngongole ndi pa kompyuta. Ndi phindu lenileni pa mtengo wa lero, mwini ndalama atapatsidwa kale chiwongoladzanja chake. Chikakhala pamwamba pa ziro, bizinesiyo yadzilipira yokha. Chikakhala pansi pa ziro, ndiye kuti zaka zinayi zonsezo mumagwirira ntchito wokongozayo, ngakhale ndalama zizioneka zikulowa m'thumba tsiku ndi tsiku. Ambiri amazindikira zimenezi tsiku limene akubwera kudzalanda malata.

Musathamangire kwa mmisiri wa maboti

Sindinanene kuti boti ndi labwino kuposa pampu. Ndanena kuti pa 25 peresenti boti lapambana. Tisinthe chinthu chimodzi chokha. Tinene kuti kalabu yanu yapeza ngongole yofewa ya 10 peresenti pa chaka. Zochulukitsira zake ndi 0.909, 0.826, 0.751 ndi 0.683. Werengerani nokha madzulo ano. Mupeza kuti boti litsaza pafupifupi K739,000 pomwe pampu itsaza pafupifupi K898,000. Boti lomwelo, pampu yomweyo, koma wopambana wasintha. Ndalama ikakhala yotchipa, kudikira sikupweteka kwambiri, ndiye bizinesi yobereka mochedwa imapeza mpata woonetsa mphamvu zake. Ikakhala yodula, yobweza msanga ndiyo imapulumuka.

N'chifukwa chake ndimakufunsani kaye kuti ndalamayo ikuchokera kuti, ndipo ena mumaona ngati ndikulowerera za m'nyumba mwanu. Amene mumati "ndi yanga, ndagulitsa mpunga, ilibe chiwongoladzanja" mukudzinamiza. Ndalama imeneyo mukanapikulira mpunga nthawi yokolola n'kudzaugulitsa mtengo utakwera. Phindu limene mwalisiya kumeneko ndilo chiwongoladzanja chanu.

Za banki mkhonde ndinene mosapsatira. 10 peresenti pa mwezi si 10 peresenti pa chaka. K100,000 yosabwezedwa, chiwongoladzanja chikumaberekanso chinzake, pakutha miyezi 12 imafika pafupifupi K314,000. Palibe boti kapena pampu imene ingathamange liwiro limenelo. Ndalama ya gulu ndi yopikulira matemba Lolemba n'kubweza mwezi usanathe, osati yogulira chinthu cha zaka zinayi.

Nambala yachiwiri

Pa fomu pamakhalanso IRR. Imeneyi imayankha funso lina: kodi bizinesiyi ingapirire chiwongoladzanja chokwera kufika pati isanayambe kuluza? Mumaipeza poyesa. Pampu pa 25 peresenti yatsaza K49,000. Mukayesa 27, ikhala pansi pa ziro ndi pafupifupi K35,000. Ndiye kuti malire ake ali cha pa 26. Boti pa 30 likadali ndi kachotsala ka K15,000, pa 31 lamira. Malire ake ali pakati pamenepo.

Ntchito yake ndi yokuuzani ngongole yoti muikane. Wina akakupatsani ya 28 peresenti kuti mugule pampu imeneyi, muthokozeni n'kubwerera kwanu. Koma musasankhire bizinesi pa nambala imeneyi yokha. Mwaona kuti pa ngongole yofewa ija pampu inabweretsa ndalama zambiri ngakhale peresenti yake ndi yotsika poyerekeza ndi ya boti. Ndipo peresenti siiona kukula kwa chinthu. Mono zingapo za K50,000 zitha kubweza ndalama zake kawiri pa chaka, peresenti yake n'kuoneka yoopsa, koma phindu lake silingalipire fizi ya mwana ku sekondale. Ziwirizi zikasemphana, ndipo mukusankha chimodzi pa ndalama imodzi, tsatirani NPV. Kugolosale salandira maperesenti.

Amene muli ndi mwana wodziwa kompyuta, alembe -2000000 mu B1, phindu la zaka zinayi mu B2 mpaka B5, kenako:

```
=NPV(0.25,B2:B5)+B1
=IRR(B1:B5)
```

Aonetsetse kuti mu mzere woyambawo B1 ili kunja kwa mabulaketi a NPV monga ndalembera. Akailowetsa mkati, kompyuta imaitenga ngati ndalama yotuluka chaka chamawa, n'kukankhira zaka zonse kutsogolo. Pa boti lija idzaonetsa K129,000 m'malo mwa K161,000.

Nyanja imauma

Sindinaonepo kope limene muli chaka choipa. Zaka zonse zinayi nsomba zikugwidwa, mvula ikugwa bwino, ngati kuti tikukhala kwina. Chilwa inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, inaphwa kwambiri mu 2012, ndipo mu 2018 maboti anagona pamatope ku Kachulu, anthu n'kumapita ku Chisi osakwera bwato. Ambiri amene mukuwerenga munaziona ndi maso anu.

Ndiye yesani. Chaka chachiwiri nyanja yathawa, boti labweretsa K200,000 m'malo mwa K1,000,000. Mwataya K800,000, imene pa mtengo wa lero ndi K512,000. K161,000 ija yasanduka kuluza kwa K351,000. Chaka choipa chomwecho chikanakhala chachinayi, bala lake likanakhala laling'ono, chifukwa ndalama zambiri za boti zimakhala zitalowa kale. Tsoka lobwera msanga ndilo limapha bizinesi ya ngongole.

A pampu musaseke. Chaka chimene nyanja yauma, mitsinje ya Likangala ndi Domasi nayo imachepa, ndipo pampu siikoka mchenga. Madzi osefukira ngati a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 amakwirira dimba ndi mapaipi omwe. K49,000 ndi chotsala chopyapyala: phindu la chaka choyamba likangotsika ndi K62,000, chatha. Kope lililonse lizibwera ndi masamba awiri, la zaka zabwino ndi la chaka chimodzi choipa, pa bizinesi zonse ziwiri.

Chinanso ndi mitengo. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo maukonde, mapaipi ndi feteleza zinakwera nthawi yomweyo. Ngati mukuchepetsa ndi chiwongoladzanja cha ngongole, lembani ndalama zimene mukuyembekeza kudzagwira m'manja chaka chimenecho, pa mitengo ya nthawi imeneyo. Koma kwezani mbali zonse ziwiri. Ena mumakweza mtengo wa tomato chaka ndi chaka, pomwe feteleza, mankhwala ndi aganyu mwazisiya pa mtengo wa chaka chino. Ndipo thukuta lanu ndi la ana anu liikeni pa mtengo wa ganyu musanatchule mawu oti phindu. Kope lopanda mzere umenewu ndidzalibweza osaliwerenga.