Nthochi Si Dzira

Mayi wina wophika makeke a maoda analandira oda ya keke ya pachinkhoswe. Eni ake anamuchenjeza kuti asaikemo mazira, chifukwa mkwatibwi akadya dzira thupi limatuluka zidzolo. Mayiyo sanade nkhawa, poti anali atamvapo kuti nthochi yakupsa imalowa m'malo mwa dzira. Keke yake ya siponji imafuna mazira 4, choncho anakanya nthochi 4 n'kuthira mu fulawa.

Itakwana nthawi anatsegula uvuni. Pamwamba keke inali itada, koma mpeni atabaya pakati unatuluka ndi phala. Anawonjezera mphindi, m'mbali n'kupserera. Itazizira inafwafwa pakati, yolemera ngati chigumu, fungo lili nthochi yokhayokha.

Chinalakwika n'chiyani? Dzira limagwira ntchito zingapo: limamata zosakaniza, limanyowetsa, likapuntidwa limasunga mpweya wofufumitsa, ndipo likapsa limalimba n'kugwira keke kuti isagwe. Mu siponji, kufufuma ndi kulimbako kumachokera ku mazira. Nthochi imangonyowetsa ndi kumata pang'ono, komanso imabwera ndi shuga wakewake, n'chifukwa chake kunja kunada msanga m'kati musanapse. Muyezo nawonso anaphonya: dzira limodzi limalowedwa m'malo ndi kota ya kapu ya nthochi yokanya, osati nthochi yaikulu yathunthu.

Cholowa m'malo chilichonse chili ndi khalidwe lake. Chambiko, kota ya kapu pa dzira limodzi, chimafewetsa keke popanda fungo la chipatso, koma pachokha sichifufumitsa. Chimafuna kasoda pang'ono kuti kuwawasa kwake kutulutse mpweya. Supuni yaikulu ya viniga ndi supuni yaing'ono ya soda zimafufumitsa bwino, koma sizimata, moti keke imanyenyeka podula. Soda akachuluka mumamva kukoma kwa sopo. Ndipo zonsezi zimathandiza pamene mazira ofunika ndi limodzi kapena awiri. Akafika atatu kapena anayi, musavutike n'kusinthanitsa. Sankhani keke yomwe sifuna mazira n'komwe.

Ndi zomwe anachita mayi uja usiku womwewo, mnzake atamulangiza. Pa chiwaya chimodzi anasakaniza fulawa kapu imodzi ndi theka, shuga kapu imodzi, soda supuni yaing'ono ndi kamchere. Kenako anathira madzi kapu imodzi, mafuta ophikira gawo limodzi mwa magawo atatu a kapu, ndi viniga supuni yaikulu. Anatakasa pang'ono n'kuika mu uvuni nthawi yomweyo, chifukwa mpweya wa soda ndi viniga sudikira munthu. Pa madigiri 180, patatha mphindi 30 mpaka 35, mpeni unatuluka wouma.

Keke inafika pachinkhoswe, koma phindu lonse linathera pa fulawa ndi shuga wotayika uja. Safunsa anadya phula. Musanachotse dzira, yambani mwadziwa ntchito yomwe likugwira mu keke imeneyo, ndipo yeserani pa kachiwaya kakang'ono tsiku la oda lisanafike.