Mawaya atatu, mawatimita awiri: kuyeza mphamvu imene mota ya chigayo ikudya

Chigayo cha magetsi sichiyendera waya wofanana ndi wa babu ya m'nyumba. Taganizirani chigayo cha pamalo ochitira malonda ngati pa Biriwiri, m'mbali mwa msewu wa M1 ku Ntcheu. Mota yake imalandira magetsi a ESCOM kudzera m'mawaya atatu amoto, L1, L2 ndi L3, ndipo pakati pa mawaya awiri aliwonse pamakhala voliteji ya pafupifupi 400 V. Amenewa ndiwo magetsi a mafezi atatu. Mota yotere sifuna waya wa nyutilo. Waya wa efi umene umamangidwa pa chitsulo cha mota ndi wachitetezo chabe, sunyamula karenti ngati zonse zili bwino.

Tsono mwini chigayo akufuna kudziwa mphamvu imene mota ikudya, kuti aone ngati ndalama zogayitsa zikubweza ndalama za mayunitsi. Mawaya ndi atatu, ndiye ambiri mungaganize kuti pafunika mawatimita atatu. Ayi, awiri akukwana.

Watimita ili ndi makoyilo awiri. Koyilo ya karenti imalumikizidwa motsatana ndi waya, kuti karenti yonse yopita ku mota idutse m'menemo. Koyilo ya voliteji imalumikizidwa mopingasa, pakati pa mawaya awiri. Pa njira yathuyi, watimita yoyamba, W1, ikhale ndi koyilo ya karenti pa L1 ndipo koyilo ya voliteji pakati pa L1 ndi L3. Watimita yachiwiri, W2, ikhale ndi koyilo ya karenti pa L2 ndipo koyilo ya voliteji pakati pa L2 ndi L3. Waya wa L3 ulibe watimita yake, wangokhala malo okumanirana. Mphamvu yonse ndi iyi basi:

P = W1 + W2

Nanga L3 taisiyiranji? Tiyerekeze anthu atatu ogulitsa mbatatesi pamsika akubwerekana ndalama okhaokha, popanda ndalama yochokera kunja. Woyamba walandira K5,000, wachiwiri wapereka K2,000. Wachitatu simufunika kumufunsa, mwadziwa kale kuti wapereka K3,000. Karenti imateronso. Lamulo la Kirchhoff likutiuza kuti popeza palibe waya wachinayi wothawirako, karenti yolowa kudzera m'mawaya ena iyenera kutuluka kudzera mwa otsalawo. Pa kamphindi kalikonse i1 + i2 + i3 = 0, kutanthauza kuti i3 = −(i1 + i2). Tikaika zimenezi mu mphamvu ya mafezi onse atatu tipeza izi:

p = v1i1 + v2i2 + v3i3 = (v1 − v3)i1 + (v2 − v3)i2

Yang'anani bwino mbali ya kumanja. Gawo loyamba ndi voliteji ya pakati pa L1 ndi L3 kuchulukitsa ndi karenti ya mu L1, zomwe W1 ikuyeza. Gawo lachiwiri ndi la W2. Choncho L3 sitinaiiwale, yalowa kale m'masamu. Katswiri wa ku France André Blondel anaonetsa mu 1893 kuti mawatimita ofunika amachepa ndi imodzi poyerekeza ndi chiwerengero cha mawaya. Zilibe kanthu kuti makoyilo a mota alumikizidwa mwa sitaa kapena mwa delita, ngakhalenso kuti mafezi akunyamula katundu wosiyana.

Tiyese ndi manambala. Chigayo chikugaya mgaiwa, karenti mu waya uliwonse ndi 20 A. W1 ikuonetsa 8,000 W, W2 ikuonetsa 4,000 W. Mphamvu yonse ndi 12,000 W, yomwe ndi 12 kW. Chigayo chikagaya chotero kwa maola asanu, chadya mayunitsi 60.

Apa wina afunsa kuti, mafezi onse akunyamula mofanana, nanga bwanji mamitawo akusiyana chonchi, eti imodzi yawonongeka? Palibe yawonongeka. Mu mota karenti imatsalira m'mbuyo mwa voliteji ya fezi yake ndi ngodya imene timaitcha φ, ndipo cos φ ndiyo pawa fakita. Komanso voliteji ya pakati pa mawaya awiri imasemphana ndi voliteji ya fezi ndi 30°. Kwa watimita imodzi 30° imeneyi imachotserana ndi φ, kwa inayo imaphatikizana nayo:

W1 = VL × IL × cos(30° − φ)
W2 = VL × IL × cos(30° + φ)

Pano VL ndi voliteji ya pakati pa mawaya, IL ndi karenti ya mu waya, ndipo W1 tikutcha imene ikuonetsa zambiri. Chifukwa cha ichi, musanene kuti W1 ikuyeza fezi yoyamba. Nambala ya watimita imodzi payokha si mphamvu ya fezi iliyonse. Tanthauzo limabwera mukaphatikiza.

Kusiyanako kuli ndi phindu lake, chifukwa kumatipatsa pawa fakita:

tan φ = √3 × (W1 − W2) ÷ (W1 + W2)

Pa chigayo chathu, tan φ = 1.732 × 4,000 ÷ 12,000 = 0.577. Ndiye φ ndi 30°, ndipo pawa fakita ndi 0.87. Tsimikizani ndi fomula ina ija ya P = √3 × VL × IL × cos φ. Mupeza 1.732 × 400 × 20 × 0.866, zomwe zikupereka 12,000 W yomweyo.

Tsopano chimanga chatha, koma wogayitsa sanazimitse mota, ikungozungulira yopanda kanthu. Karenti yatsika kufika pa 8 A ndipo φ yakula kufika pa 70°. W1 ikhala 400 × 8 × cos 40°, pafupifupi 2,450 W. W2 ikhala 400 × 8 × cos 100°, ndipo popeza cos ya ngodya yopitirira 90° ndi negetivu, tipeza pafupifupi −560 W. Pa watimita ya kamuvi, kamuviko kamakankhira kumbuyo kwa ziro. Chochita n'kuzimitsa magetsi, kutembenuza nsonga ziwiri za koyilo ya voliteji, kuyatsanso, n'kulemba nambalayo ndi chizindikiro chochotsera. Mphamvu yonse ndi 2,450 − 560 = 1,890 W. Woiwala chizindikirocho apeza 3,010 W, n'kumuuza mwini chigayo zabodza. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amataya malikisi.

Mamita awiriwa amakuuzani zambiri musanagwire n'komwe kakyuleta. Akafanana, pawa fakita ndi 1, monga zimakhalira ndi mahita. Imodzi ikakhala theka la inzake, pawa fakita ndi 0.87. Imodzi ikaima pa ziro, φ ndi 60° ndipo pawa fakita ndi 0.5. Ikabwerera m'mbuyo, pawa fakita yatsika kupitirira 0.5. Koma samalani: ngati mota ikugaya mwamphamvu koma kamuvi kakubwererabe m'mbuyo, kayikirani malumikizidwe anu. N'kutheka kuti koyilo imodzi mwailowetsa chafutambuyo, choncho onaninso nsonga zolembedwa ± pa mitayo.

Njirayi ili ndi malire awiri. Oyamba ndi waya wachinayi. Tinene kuti mwini chigayo walumikiza mababu ndi kashopu kake kuchokera pa L1 kupita ku nyutilo, ndipo mukuyezera pamalo pamene zonsezi zikudyera pamodzi. Karenti ina ikubwerera kudzera mu nyutilo, ndiye i1 + i2 + i3 sizikupereka ziro, ndipo maziko a masamu athu agwa. Pamenepo pafunika mawatimita atatu, iliyonse pakati pa fezi yake ndi nyutilo. Malire achiwiri ndi a fomula ya tan φ. Imagwira pokhapokha mafezi atatu akunyamula mofanana. Ngati karenti m'mawaya atatu ikusiyana kwambiri, P = W1 + W2 ikhalabe yoona, koma pawa fakita yochokera mu fomulayo musaikhulupirire.

Voliteji ya 400 V imapha, choncho kulumikiza mamita pa chigayo ndi ntchito ya amisiri a magetsi ovomerezeka. Inu yesani papepala funso ili: W1 ikuonetsa 6,000 W ndipo W2 yaima pa ziro, voliteji ndi 400 V, mafezi akunyamula mofanana. Pezani mphamvu yonse, pawa fakita ndi karenti ya mu waya uliwonse. Mukapeza karenti yoposa 17 A pang'ono, mwalondola.