Makalata a omvera: chipika cha pa tebulo ndi mwala wolendewera

Chipika cha makilogalamu 3 chili pa tebulo lokhakhala. Chingwe chomangidwa ku chipikacho chadutsa pa kagudumu ka pule m'mphepete mwa tebulo, ndipo kunsonga kwake kukulendewera mwala wa makilogalamu 2. Womvera amene walemba kalata ya lero akufunsa chifukwa chimene chingwe sichikoka ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa mwalawo.

Poyamba pamafunika kudziwa ngati zinthuzi ziyenda n'komwe. Potenga g kukhala 10, mwala ukulemera manyutoni 20 ndipo chipika chikutsamira tebulo ndi manyutoni 30. Ngati nambala ya kukhakhala, μ, ndi 0.4, kukhulana kwa chipika ndi tebulo sikungapitirire 0.4 × 30, omwe ndi manyutoni 12. Popeza 20 aposa 12, chipika chiyenda.

Manyutoni 8 otsalawo akuyendetsa zonse ziwiri, makilogalamu 5 pamodzi, choncho a = 8 ÷ 5 = 1.6 m/s². Apa ndi pamene ophunzira ambiri amaphonya, polemba kuti chingwe chikukoka ndi manyutoni 20. Zikanatero, mphamvu za pa mwala zikanalingana, liwiro lake silikanawonjezeka. Zoona n'zakuti T = 20 − 2 × 1.6, kutanthauza manyutoni 16.8. Chipika chikuchitira umboni: 16.8 kuchotsa 12 ndi 4.8, chimodzimodzi 3 × 1.6.

Mwala ukakhala wa kilogalamu imodzi yokha, chipika chosiyidwa chili phee sichisuntha. Pamenepo kukhulana kumangokwana manyutoni 10, osati 12, ndipo chingwe nacho chimakoka ndi 10.