Kufufuza Gwero la Cholakwa m'Langizo: Sinthani Chinthu Chimodzi pa Ulendo Umodzi

Chiyambire kalekale kufikira lero palibe kabuku ka mphunzitsi kamene kanayankhapo mwini wake, koma kuchokera mu Novembala 2022, pamene kampani ya OpenAI inatulutsa ChatGPT, aphunzitsi ali ndi makina amene amalemba mafunso, nkhani ndi chikonzero cha phunziro akangouzidwa. Mawu amene timalembera makinawo powauza chochita tiwatcha langizo m'phunziro lino, ndipo chimene makinawo atibwezera tichitcha zotuluka. Kaŵirikaŵiri zotuluka zoyamba sizikhala zoyenera kupita nazo m'kalasi. Ambiri akaona zimenezi amafufuta langizo lonse ndi kulemba lina, ndipo zikakhala bwino sadziŵa chimene chakonza zinthu, zikaipa sadziŵanso chimene chaononga. Phunziro lino likusonyeza njira ina: kuŵerenga zotuluka mofatsa, kenaka kusintha mbali imodzi yokha ya langizo pa ulendo uliwonse mpaka gwero la cholakwa lipezeke.

Chifukwa chake timasintha chimodzi

Inu amene mwakulira m'zigwa za fodya za ku Kasungu mukuidziŵa kale mfundoyi. Mbande zikachita chikasu pa nazale, mlimi angakayikire madzi, feteleza kapena matenda. Ngati tsiku lomwelo achepetsa madzi, athira feteleza ndi kupopera mankhwala, mbande zikhoza kutsitsimuka, koma iye sadzadziŵa chimene chazichiritsa, ndipo chaka chamaŵa adzagulanso zonse zitatu. Mlimi wochenjera amagaŵa bedi, nasintha chinthu chimodzi mbali imodzi, mbali inayo naisiya monga inalili. Kusiyana kumene kuoneke pakati pa mbali ziŵirizo kwachokera ku chinthu chimodzi chija. Langizo nalo lili ndi mbali zake: ntchito yofunika, msinkhu wa ophunzira, malire a manambala, malo a nkhani, ndi chitsanzo choti makina atsanzire. Mbali iliyonse ikhoza kukhala gwero la cholakwa.

Kuŵerenga zotuluka zoyamba

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wina wa pa koleji ya aphunzitsi ya Kasungu ali pa maphunziro oyeserera kuphunzitsa, ndipo wapatsidwa Sitandade 4. Ana ake afika pogaŵa nambala yosapitirira 100 ndi nambala ya pakati pa 2 ndi 9, popanda chotsala. Akufuna mafunso asanu a nkhani, ndipo walemba motere:

```
Lembani mafunso asanu a masamu a kugaŵa a Sitandade 4 m'Chicheŵa.
```

Zotuluka zafika, ndipo sizinamukondweretse. Kunena kuti "zaipa" sikuthandiza kanthu, monga momwe kulemba mtanda pa kope la mwana sikumuuza pamene wasokera. Mphunzitsiyo atenge cholembera, aŵerenge funso lililonse, alithetse yekha, ndipo alembe cholakwa chilichonse ndi dzina lake. Tinene kuti wapeza zitatu. Choyamba, manambala ndi aakulu: funso lina likufuna 1,248 ÷ 16, lina 350 ÷ 12 imene isiya chotsala 2. Chachiŵiri, nkhani zake ndi zachilendo, za maapozi ndi madola. Chachitatu, Chicheŵa chake ndi chopotoka, monga mneni wosagwirizana ndi gulu la dzina.

Alembenso zimene zili bwino, kuti mafunso alipodi asanu ndipo onse ndi a kugaŵa. Mbali zimenezi asazikhudze. Tsono asankhe cholakwa chimodzi, chimene chingaononge phunziro koposa zinzake. Apa ndi kukula kwa manambala, pakuti mwana akhoza kugaŵa maapozi amene sanawaonepo, koma sangathe kugaŵa ndi 16 asanaphunzitsidwe.

Malamulo aŵiri a kayesedwe

Makina aŵa salemba chinthu chimodzimodzi nthaŵi zonse. Posankha liwu lotsatira amachita ngati maere pang'ono, kotero langizo lomwelo likatumizidwa kaŵiri limabweretsa mafunso osiyana. Motero kuyesa kamodzi sikukwanira. Tumizani langizo lililonse katatu, ndipo muŵerenge kuti mwa mafunso 15 ndi angati ali ndi cholakwa chimene mukuchisaka.

Lamulo lachiŵiri ndi lakuti ulendo uliwonse uyambire pa tsamba latsopano, podina `New chat`. Mukapitiriza pa tsamba lakale, makina amaŵerenganso zonse zimene zili pamwamba, ndiye kuti zotuluka zoyamba zija ndi madandaulo anu zasanduka mbali ya langizo. Pamenepo mwasintha zambiri ngakhale mukuganiza kuti mwasintha chimodzi.

Maulendo ake

Mphunzitsi wathu watumiza langizo loyamba katatu, ndipo tinene kuti mafunso 9 mwa 15 ali ndi manambala opitirira. Nambala imeneyi ndiyo muyezo wake. Asanasinthe kanthu alembe ganizo lake m'kope: "Mwina makina sadziŵa msinkhu wa ana a Sitandade 4."

Pa ulendo woyamba waonjezera mawu akuti "a ana a zaka 9 kapena 10", osasintha china chilichonse. Mafunso olakwa atuluka 8. Kusiyana kwa 9 ndi 8 ndi kochepa kwambiri, kukhoza kuchokera ku maere aja. Ganizo lake silinali loona, koma ulendowo sunapite pachabe, chifukwa tsopano akudziŵa kuti msinkhu sindiwo gwero. Achotse mawuwo, abwerere ku langizo loyamba. Akawasiya, langizo lidzadzaza ndi mawu opanda ntchito amene adzawaopa kuchotsa.

Pa ulendo wachiŵiri ganizo lake ndi lakuti makina sadziŵa pamene ana afika m'silabasi yathu. Waonjezera chiganizo chimodzi: "Nambala yogaŵidwa isapitirire 100, yogaŵira ikhale pakati pa 2 ndi 9, ndipo pasakhale chotsala." Tsopano funso lolakwa ndi limodzi lokha mwa 15. Kutsika kochokera pa 9 kufika pa 1 sikungakhale kwa maere. Pofuna kutsimikiza, achotse chiganizocho ayesenso: manambala aakulu akabwerera, gwero lapezeka. Mawu akuti Sitandade 4 amatiuza zambiri ife amene tili ndi silabasi ndi mabuku ochokera ku Domasi m'manja, koma makina amadzaza mpatawo ndi zimene zimapezeka kwambiri m'zolembedwa za maiko ena.

Chiganizo chimenechi chikhale, ndipo langizo ili ndilo poyambira patsopano. Pa ulendo wachitatu walimbana ndi nkhani zachilendo poonjezera kuti "Nkhani zake zikhale za ku Kasungu." Maapozi atha, koma kwatuluka njovu za ku nkhalango yosungirako nyama, ndi belo la fodya lolemera makilogalamu 8. Mwana aliyense amene anaonapo mabelo akukwezedwa kupita ku okushoni ya Chinkhoma adzaseka, pakuti belo limalemera pafupifupi makilogalamu 100. Apa mbali yosinthidwayo ndi yoyenera, popeza zotuluka zasuntha, koma mawu ake ndi osakwanira. Makina akudziŵa dzina la malo, osati moyo wake.

Pa ulendo wachinayi asinthe mbali yomweyo basi. M'malo mwa dzina la boma atchule zinthu zenizeni: mbande za pa nazale, mizere ya mtedza, mazira, makope ndi matumba a chimanga pa ngolo. Akatero mafunso amayamba kufanana ndi a kwathu, monga la mbande 84 zodzalidwa m'mizere 7.

Pamene langizo silingathandize

Chatsala ndi Chicheŵa chopotoka. Pa ulendo wachisanu waikapo funso limodzi lachitsanzo lolembedwa ndi iye mwini, la mazira 48 ogaŵidwa kwa mabanja 6. Ziganizo zafupika ndipo zikumveka bwino, koma m'mafunso angapo mneni ukusemphanabe ndi dzina. Taonani kuti pabukanso vuto latsopano: mafunso ambiri atsanzira chitsanzocho, onse ayamba kukamba za kugaŵira mabanja. Chifukwa chakuti anasintha chimodzi chokha, akudziŵa mosakayika kumene vutoli lachokera.

Cholakwa chikakana kusuntha mutayesa maganizo osiyana maulendo aŵiri kapena atatu, lekani. Gwero lake silili m'langizo koma m'makina enieniwo, amene anaphunzitsidwa ndi zolembedwa zochuluka zedi za Chingerezi ndi zochepa za Chicheŵa. Kupitiriza kuyesa ndi kungotha bandulo ndi nthaŵi. Tengani cholembera mukonze Chicheŵacho nokha, ndipo muthetse funso lililonse musanalilembe pa bolodi, chifukwa makina amalakwanso masamu nthaŵi zina.

Malire a njirayi

Njirayi ili ndi pofooka pake pamene akatswiri a zaulimi anapaona kale. M'chaka cha 1926 Ronald Fisher, amene ankagwira ntchito pa malo ofufuzira zaulimi a Rothamsted ku Mangalande, anatsutsa chizoloŵezi choyesa chinthu chimodzi chokha nthaŵi zonse, popeza zinthu zina zimaonetsa mphamvu yake zikakumana ndi zinzake. Feteleza wothiridwa mvula itadula saonetsa chimene angachite pa dothi lonyowa.

M'langizo zimachitikanso. Tinene kuti mphunzitsi uja waonjezera kuti mafunso akhale a kugula ndi kugulitsa m'makwacha. Paokha mawu ameneŵa alibe vuto, ndipo malire a 100 aja paokha ndi abwino. Koma zikakumana, makina amakakamizika kulemba kuti thumba la chimanga ndi K84, mtengo umene mwana wa lero sanaumvepo. Choncho mbali yatsopano ikabweretsa cholakwa chodabwitsa, musafulumire kuiweruza yokha. Yang'anani ngati ikulimbana ndi mbali ina imene munaikamo kale, ndipo muyese iliyonse popanda inzake. Apa mankhwala ake ndi kusunga mafunso a ndalama kufikira ana atafika pa manambala aakulu.

Kusunga zimene mwapeza

Gulani kope laling'ono, ndipo ulendo uliwonse ukhale ndi mzere wake: ganizo lanu, mawu amene mwasintha, chiŵerengero cha zolakwa, ndi chigamulo chanu, kusunga kapena kuchotsa. Lembaninso tsiku ndi dzina la makina, pakuti makampani amawasintha, ndipo langizo limene linagwira ntchito teremu yatha likhoza kufuna kuyesedwanso. Mphunzitsi uja akadzafuna mafunso a kuchulukitsa sadzayambira pa msinkhu wa ana. Kope lake lidzamuuza kuti ayambe ndi malire a manambala ndi mndandanda wa zinthu za kumudzi.

Ntchito yoti muchite

Khalani aŵiriaŵiri. Sankhani mutu umodzi wa phunziro limene mukuphunzitsa, lembani langizo la chiganizo chimodzi, ndipo mulitumize katatu pa masamba atsopano. Aliyense payekha alembe zolakwa zitatu, kenaka mugwirizane chimene chili chachikulu. Chitani maulendo atatu, mnzanu ali pambali kuonetsetsa kuti mwasinthadi chinthu chimodzi chokha. Pomaliza, fotokozerani kalasi lonse ganizo limene linapezeka kuti silinali loona, ndi nambala imene inakuuzani zimenezo.