Ndingafupikitse bwanji lipoti la kafukufuku?

Funso: Ndikuphunzira unamwino. Anzanga a m'gulu andipatsa lipoti la kafukufuku wa HPTN 052 la mu 2011 kuti ndilifupikitse lithere pa theka la tsamba, koma chilichonse chikuoneka chofunika. Nditaye ziti? Wophunzira, Lilongwe.

Yankho: Chikukuvutani n'chakuti mukufupikitsa ndime iliyonse motsatana. Yambani mwawerenga njira imene ofufuza anatsata ndi matebulo a zotsatira, kenako tsekani lipotilo mulembe m'mawu anuanu.

Chiganizo choyamba chinene funso lawo: kodi munthu akayamba msanga kumwa ma ARV, amateteza mnzake amene alibe HIV? Chachiwiri chitchule oyesedwa: mabanja 1,763 a m'mayiko 9, kuphatikizapo Malawi, ogawidwa mwamaere kuti ena ayambe msanga, ena adikire.

Pa zotsatira musangolemba kuti kupatsirana kunachepa ndi 96 peresenti. Onetsani kumene nambalayo yachokera: mwa anthu 28 amene anatsimikizika kuti anatengera kachilombo kwa mnzawoyo, 27 anali m'gulu lodikira, mmodzi yekha m'gulu loyamba msanga.

Mizere itatu yomaliza isungireni malire a kafukufukuyu, ndipo apa musaumire mawu. Oyesedwa anali mabanja okhazikika, pafupifupi onse mwamuna ndi mkazi, ndipo ankalandira uphungu ndi makondomu. Choncho musalembe ngati zotsatirazi zinayesedwa pa aliyense.

Ngati nambala ya mu tebulo simukuimvetsa, musaikopere. Kafunseni aphunzitsi anu gulu lisanakumane.