Chibowo cha mapini 5 kumbuyo kwa wailesi yakale: mafunso ndi mayankho

Mnyamata wina anafika kwa mmisiri wokonza mawailesi mumsika wa Ndirande atanyamula wailesi ya kaseti ya malemu bambo ake. Ankafuna kuilumikiza ku ampulifaya, koma kumbuyo kwake kunali chibowo chozungulira chokhala ndi timaenje 5, ndipo ogulitsa mawaya onse anapukusa mutu.

Kodi mmisiriyo anachizindikira bwanji?

Anayamba wawerenga timaenjeto n'kuona kuti tandandalikana ngati theka la bwalo. Atayeza kukula kwa chibowocho anapeza mamilimita pafupifupi 13. “Achimwene, iyi ndi DIN, ya ku Jeremani,” anatero. Makampani ngati Philips ndi Grundig ankaiika kwambiri pa mawailesi a m'ma 1960 ndi 1970.

Ndiye bwanji sanangolumikiza waya pompo?

Chifukwa pulagi yomweyi inkagwira ntchito zosiyana. Makompyuta akale ankalumikizira kiyibodi pamenepo, ndipo pini imodzi inkatulutsa magetsi a mavoti 5. Malimba amagetsi a m'matchalitchi nawo ali ndi chibowo chomwechi, cholembedwa MIDI, koma mmenemo simudutsa mawu, mumadutsa malamulo ouza chida china choti chiimbe. Maonekedwe okha sangakuuzeni zonse.

Nanga anatsimikiza bwanji kuti ndi cha mawu?

Apa m'pamene ndinamupatsa ulemu. Anathimitsa wailesi, n'kutenga mita yake kuyeza ngati kabowo kapakati, nambala 2, kalumikizana ndi waya wa ethi wam'kati. Mita inalira. Kenako anayatsa wailesiyo, n'kuika kaseti, n'kumakhudza timaenje tina kamodzikamodzi ndi waya wa ampulifaya atatsitsa voliyumu. Nyimbo inamveka pa nambala 3, yomwe ndi ya sipika yakumanzere, ndi pa nambala 5, yakumanja. Nambala 1 ndi 4 ndi zolowetsera mawu pojambula, choncho anazisiya.

Manambalawa amasokoneza anthu ambiri. Sayenda motsatana, amayenda 1, 4, 2, 5, 3, ndipo mukatembenuza pulagi kuti muwotcherere waya kumbuyo, kumanja kumasanduka kumanzere.

Bwanji osangogula waya wa MIDI, poti umalowa bwino?

Mnyamatayo anafunsadi zimenezi. “Ukalowa, koma mukadandaula,” anayankha mkuluyo. Mawaya ambiri a MIDI amalumikiza mapini atatu okha, 4, 2 ndi 5. Pini 3 ilibe waya, ndiye sipika yakumanzere ingokhala chete.

Zinatha bwanji?

Anafukula pulagi ya DIN m'katoni ya zida zakufa, n'kuiwotcherera ku waya wa mapulagi awiri a RCA, yoyera ku pini 3, yofiira ku pini 5, ethi ya onse ku pini 2. Masipika onse awiri analira.

Mukapeza chibowo chachilendo, musakankhiremo waya aliyense amene walowa. Werengani mapini, onani zolembedwa pambali pake, ndipo mukayezetse ndi mita musanayatse.